Msoko sumva Chingerezi

Masiku ano m'matauni ambiri simusowa mnyamata wa kompyuta amene akulonjeza kukupangirani pepala lokulungira katundu kapena maluwa a chitenje lomwelo tsiku. Sagwira pensulo ayi. Amangolemba mawu pakompyuta kapena pafoni, ndipo pulogalamu yojambula zithunzi, ija ambiri akuitchula kuti AI, imatulutsa chithunzi chokongola pasanathe mphindi ziwiri. Mwini bizinesi amachiona pafonipo, mtima n'kugwa m'malo, ndalama n'kutuluka. Mavuto amadzaoneka katundu atabwera kuchokera kosindikiza: mizere yowongoka yadutsa papepala lonse, masamba aduka pakati, maluwa akhala m'mabokosi ngati matailosi oikidwa ndi mmisiri wophunzira kumene.

Mzere umenewu tiutche msoko, monga amanenera atelala. Maganizo anga ndi akuti msoko sungathe chifukwa choti munthu walemba Chingerezi chabwino pouza makina zoti ajambule. Mawu ali ndi ntchito yake, koma gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kuyesa ndi kuwerengera, ndipo amene sachita zimenezi sakuyenera kulipidwa ndalama yonse.

Tiyambe ndi kumvetsa chomwe chimasindikizidwa. Maluwa a pachitenje kapena papepala lokulungira mphatso sajambulidwa onse. Wojambula amapanga kachigamba kamodzi ka makona anayi, ndipo kachigambako kamabwerezedwa cham'mbali ndi cham'munsi mpaka nsalu kudzaza. Kuti msoko usaoneke, chilichonse chomwe chatulukira kudzanja lamanja la chigamba chiyenera kulowera kumanzere pamalo omwewo, ndipo chotulukira kumunsi chilowere kumtunda. Tsamba likaduka theka kumanja, theka linalo likhale likudikira kumanzere, pamulingo womwewo, mtundu womwewo. Zikasemphana ndi pang'ono pokha, diso limagwira.

Tsono makina ojambulawa mwachibadwa chawo amapanga chithunzi choti munthu achione pachokha. Amakonda kuika chinthu chachikulu pakati, kuwalitsa pakatipo ndi kudetsa pang'ono m'makona, monga chimakhalira chithunzi chojambulidwa ndi kamera. Mukalemba mawu oti `seamless pattern`, makinawo amakupatsani chithunzi chofanana ndi zigamba zomwe adaona pophunzira. Kufanana ndi chigamba si kukhala chigamba. Mbali ya kumanja sidziwa zomwe zachitika kumanzere, pokhapokha pulogalamuyo itakhala ndi batani kapena lamulo lapadera lolumikiza mbalizo.

Mapulogalamu ena ali nalo lamulo lotere. Mu Midjourney, yomwe ndi yolipira mwezi ndi mwezi, mumawonjezera `--tile` kumapeto kwa mawu anu. Kwa amene amagwiritsa ntchito Stable Diffusion kudzera mu AUTOMATIC1111, pali posankha polembedwa Tiling. Mukasankha pamenepo, makinawo amajambula ngati kuti pepala lapindidwa n'kukhala chitoliro, mbali ya kumanja yakhudzana ndi ya kumanzere, ndipo ya kumtunda yakhudzana ndi ya kumunsi. Apa mpamene pali kusiyana kwenikweni. Choncho funso loyamba kwa amene akukupangirani dizaini lisakhale loti walemba mawu otani. Mufunseni ngati pulogalamu yake ili ndi lamulo lolumikiza mbali. Akati ilibe, si mlandu, koma adziwe kuti msokowo adzausoka yekha ndi manja.

Kuti nkhaniyi igwirike, tiyerekeze mayi wina wa pa Mponela amene amagulitsa mtedza wokazinga ndi chiponde. Akufuna pepala lokulungira mabotolo a chiponde opita kwa makasitomala a ku Lilongwe, ndipo m'tsogolo akufunanso nsalu yosokera maepuloni a atsikana ogulitsa. Chizindikiro cha bizinesi yawo ali nacho kale, ndipo mitundu yawo ndi yofiirira ndi yobiriwira. Mwana wawo wamkulu ndiye akugwira kompyuta.

Mapulogalamuwa amamva bwino Chingerezi kuposa Chichewa, choncho mwanayo angalembe motere:

```
seamless pattern, groundnut pods and small leaves,
scattered in all directions, evenly spaced, similar size,
flat colours, dark brown and green on plain cream background
--tile --ar 1:1 --no text, border, shadow, gradient
```

Liwu lililonse pamenepa lili ndi chifukwa. Watchula zinthu ziwiri zokha, makoko a mtedza ndi timasamba, chifukwa zinthu zikachuluka makina amayamba kupanga chithunzi cha munda m'malo mwa maluwa a nsalu. Wanena kuti zimwazikane moyang'ana mbali zonse kaamba koti pepala lokulungira lilibe mutu kapena miyendo. Botolo likakulungidwa, mbali ina imakhala chadodolido. Telala nayenso amasangalala ndi nsalu yotere chifukwa amadula mmene afunira popanda kutaya zidutswa. Wanenanso kuti zikhale zotalikirana mofanana ndi zazikulu mofanana, kuopa kuti khoko limodzi lalikulu lingalamulire chigamba chonse. Lamulo la `--ar 1:1` likutanthauza kuti m'litali ndi m'lifupi mufanane.

Mawu ofunika kwambiri ndi aja onena za mitundu yosasinthasintha ndi maziko a mtundu umodzi. Msoko woipitsitsa si wa tsamba loduka ayi, chifukwa umenewo umaoneka msanga. Woipa ndi uja wa maziko omwe ayera kumtunda n'kuderako pang'ono kumunsi. Pachigamba chimodzi simungaone kanthu. Mukazisanja zambiri, mbali yoyera imakumana ndi yodera, ndipo pepala lonse limaoneka ngati khoma la njerwa. Zithunzithunzi nazo n'chimodzimodzi: zimauza diso kuti dzuwa lili mbali imodzi, ndipo pepala likatembenuzidwa zimaoneka zachilendo.

Onaninso kuti zomwe sakufuna waziika pambuyo pa `--no`, sadazilembe m'kati mwa chiganizo. Makinawa ali ngati mwana amene mwamuuza kuti asaganize za njovu. Mukalemba `no border` pakati pa mawu ena, nthawi zina amangogwira liwu loti `border` n'kukujambulirani mpanda wokongola kuzungulira chigamba chonse. Mpanda wotero ukabwerezedwa umasanduka mabokosi aja.

Nanga dzina la bizinesi? Apa ndipo ndimatsutsana ndi anyamata ambiri a makompyuta. Dzina ndi chizindikiro musazipemphe kwa makina. N'zoona kuti mapulogalamu atsopano ayamba kulemba zilembo bwinoko kusiyana ndi mmene zidalili mu 2022 ndi 2023, pamene ankatulutsa zilembo zosawerengeka. Komabe chizindikiro cha bizinesi chimafunika kufanana ndendende paliponse, pabotolo, pachikwangwani ndi papepala. Makina amachijambulanso mwanjira yawo nthawi iliyonse, ndipo dzina la Chichewa amatha kulidya chilembo chimodzi. Choipa china n'chakuti angaliike m'mphepete, n'kuliduladula. Njira yabwino ndi kulola makina apange makoko ndi masamba okha, kenako munthu n'kufufuta khoko limodzi kapena awiri m'kati mwa chigamba, kutali ndi m'mphepete, n'kuikapo chizindikiro chenicheni kuchokera mufayilo yake. Kwa mayi wa pa Mponela uja, ndingalangize kuchiika kawiri, china choongoka cha kumtunda kumanzere, china chozondoka cha kumunsi kumanja, kuti botolo liwerengeke ngakhale litagwiridwa mbali iliyonse.

Pali chifukwa chinanso. Mawu omwe mwana wa mayiwa walemba, wogulitsa chiponde wa ku Kamwendo angalembenso omwewo n'kupeza maluwa ofanana nawo. Chomwe chimapangitsa pepalalo kukhala lawolawo ndi chizindikiro ndi mitundu yawo. Ndipo asayerekeze kulemba dzina la kampani ina kapena kukweza chithunzi cha chitenje cha eni ake kuti makina atengere. Maluwa a nsalu ali ndi eni, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016.

Tsopano tifike pa kuyesa, komwe ndi mtima wa nkhaniyi. Njira yake ndi yakale kuposa kompyuta. Ojambula maluwa a nsalu ankajambula pakati pa pepala, n'kulidula pakati, kusinthanitsa zidutswazo kuti mbali zakunja zikumane m'kati, kumata ndi selotepi kumbuyo, kenako n'kuchitanso chimodzimodzi chopingasa. Zikatero m'mphepete monse mwabwera pakati, pomwe diso lingaone bwino. Kompyuta imachita zomwezo mkanthawi kochepa. Mu GIMP, pulogalamu yaulere, mumatsegula chigambacho n'kupita apa:

```
Layer > Transform > Offset
By width/2, height/2
Wrap around
```

Amene ali ndi Photoshop apeza zomwezo pa `Filter > Other > Offset`. Ngati chigamba chili ndi mapikiselo 1024 mbali iliyonse, monga zimatulukira kawirikawiri mu Midjourney, ndiye kuti chasunthidwa ndi 512 cham'mbali ndi 512 cham'munsi. Mapikiselo ndi timadontho tomwe timapanga chithunzi pakompyuta. Mukatero yang'anani pakati. Ngati mukuona mtanda, kaya wa mzere woonda, kaya wa masamba oduka, kaya wa mtundu wosiyana, msoko ulipo. Ngati simungathe kuloza pomwe mbalizo zakumana, mayeso oyamba mwakhoza.

Mtandawo ukaoneka, musathamangire kulembanso mawu ena maulendo makumi awiri, mukungotha bandulo. Ngati vuto ndi khoko limodzi loduka, lifufuteni ndi mtundu wa maziko, mukope khoko lathunthu kuchokera pena n'kuliika pamenepo. Apa ndipo mumaona phindu la maziko a mtundu umodzi, chifukwa kufufuta kwake n'kosavuta. Lamulo ndi limodzi: konzani pakati pokha, osakhudza m'mphepete mwatsopano, chifukwa m'mphepetemo ndi mogwirizana kale. Mukamaliza sunthaninso kuti muone ngati simudaononge kwina. GIMP ilinso ndi chida chotchedwa `Tile Seamless` chomwe chimasakaniza mbalizo chokha. Pazithunzi za mchenga kapena udzu chimathandiza, koma pa makoko a mtedza chimasiya makoko otuwa olowana ngati mizukwa. Chisiyeni.

Mayeso achiwiri ndi omwe mwini bizinesi aliyense angachite ngakhale sadziwa kompyuta. Uzani wokupangirani dizaini asanje zigamba zisanu ndi zinayi, zitatu m'lifupi ndi zitatu m'litali. Mu GIMP ndi `Filters > Map > Tile`, n'kulemba 3072 mbali zonse ziwiri. Asindikize papepala wamba, ngakhale la mtundu wakuda ndi woyera wokha, mulipachike pakhoma, mubwerere m'mbuyo mapazi asanu, mutsinzineko pang'ono. Mukatero diso limasiya kuona makoko, limayamba kuona mizere. Mwina mupeza kuti mpata wina wopanda kanthu wabwerezedwa mpaka kupanga kanjira koyera kodutsa pepala lonse. Mwina tsamba limodzi lodera kwambiri laima pamzere ngati asilikali a perete. Msoko wotere kompyuta siuona, chifukwa mbali zonse zagwirizana bwinobwino. Mankhwala ake ndi kusuntha khoko limodzi kulowetsa mukanjirako, kapena kuchepetsa tsamba lodzionetseralo.

Ena anena kuti zonsezi n'zochulutsa, kuti pepala la chiponde limang'ambidwa n'kutayidwa, ndipo wogula sayang'ana mizere. Pa mapepala khumi osindikizidwa pa sitolo ya fotokope ndingavomereze. Koma osindikiza ambiri amatsitsa mtengo mukaitanitsa zambiri, ndipo nsalu ya kufakitale siitanitsidwa mamita awiri. Cholakwika chimodzi chimabwerezedwa pa katundu yense, ndipo mudzakhala nacho mpaka athe. Pansalu ndiye zimanyanya. Amayi athu amadziwa kusankha chitenje. Amachitambasula, kuchiyang'ana padzuwa, kuchitembenuza. Msoko sungawadutse.

Chotsala ndi masamu, ndipo si ovuta. Chigamba cha mapikiselo 1024 chilibe kukula kwake mpaka mutanena kuti chisindikizidwe pa masentimita angati. Osindikiza mapepala amakonda madontho 300 pa inchi iliyonse kuti chithunzi chioneke chakuthwa. Inchi ndi masentimita 2.54, choncho 1024 kugawa ndi 300 kumatipatsa mainchi 3.4, omwe ndi pafupifupi masentimita 8.7. Ndiye kuti mayi aja akasankha chigamba cha masentimita 8 papepala, ali bwino. Pepala la A3 ndi masentimita 29.7 m'lifupi ndi 42 m'litali, kotero chigambacho chibwerezedwa pafupifupi kanayi cham'mbali ndi kasanu n'kachidutswa cham'munsi. Kuduka kwa maluwa m'mphepete mwa pepala si vuto ayi, pepala lililonse lokulungira limatero. Koma akafuna kuti chigamba chomwecho chikule kufika masentimita 30, madontho atsika kufika pa 87 pa inchi, ndipo m'mphepete mwa makoko mudzaoneka ngati mano a sowo.

Nsalu imakhululuka kuposa pepala chifukwa ulusi umameza inki, ndipo madontho 150 pa inchi amakwanira pa ntchito zambiri. Chigamba chathu chikakula kufika masentimita 16 chikhala ndi madontho pafupifupi 163 pa inchi, zomwe zili bwino. Nambala ya 16 sindidaitole mumsewu. Mafakitale ambiri osindikiza nsalu amagwiritsa ntchito zitoliro zachitsulo zokhala ndi timabowo, zomwe zimagudubuzika pansalu zikutulutsa utoto, ndipo muyezo wofala kwambiri wa kuzungulira kwa chitoliro chotere ndi masentimita 64. Chigamba chiyenera kulowa mu 64 popanda chotsala: 32 kawiri, 16 kanayi, 8 kasanu n'katatu. Mwana uja akadasankha 15, zigamba zinayi zikadatenga masentimita 60 n'kutsala 4. Pamenepo fakitale iyenera kukoka maluwawo kuti akwane, apo ayi msoko uzioneka pa masentimita 64 aliwonse, kutanthauza katatu pa chitenje cha mamita awiri. Zitoliro zimasiyana, choncho musanamalize dizaini funsani fakitale muyezo wake. Funsaninso za mitundu, chifukwa pa makina otere mtundu uliwonse umafuna chitoliro chakechake, ndipo chilichonse ndi ndalama. Mitundu iwiri kapena itatu yosasinthasintha ija yapulumutsanso thumba. Chithunzi cha makina chimaoneka ngati cha mitundu itatu koma m'kati mwake mumakhala timitundu tambirimbiri tofananako, ndiye chimafunika kuyeretsedwa kuti itsale itatu yeniyeni.

Muwauzenso osindikizawo kuti chigamba chanu ndi chosanja mowongoka, china pambali pa chinzake. Ojambula nsalu ali ndi kasanjidwe kena komwe mzere wachiwiri umatsitsidwa ndi theka, ndipo n'kokongola ndithu chifukwa kamabisa mabokosi. Koma chigamba chopangidwa ndi `--tile` sichidakonzedwere zimenezo. Wina akachisanja motsitsa theka pofuna kukuthandizani, masamba onse a m'mbali aduka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zigamba zambiri zimachoka kwa makina zili bwino, n'kukaonongekera m'njira. Wina amadula m'mphepete pang'ono kuti chioneke bwino, osadziwa kuti wadula polumikizira. Wina amachikulitsa ndi batani lowonjezera mapikiselo, lomwe limajambulanso m'mphepete mwanjira yake, mbali iliyonse payokha. Chikatero chiyenera kuyesedwanso kuyambira poyamba. Wina amachitumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, ndipo chimafinyidwa, mitundu ya m'mphepete n'kusintha pang'ono. Chisungeni ngati PNG, osati JPG, ndipo potumiza sankhani Document kuti chifike mmene chilili. Ndiye pali aja amasanja zigamba ndi dzanja mu Word, kukoka chimodzichimodzi ndi mbewa ya kompyuta. Pamenepo pamatsala timipata toonda ngati tsitsi, tosaoneka pagalasi koma toyera mbee papepala. Pepala lonse lisanjidwe ndi lamulo la `Tile` n'kutumizidwa ngati chithunzi chimodzi.

Nanga udindo ndi wa yani zikalakwika? Wosindikiza adzati adasindikiza zomwe adalandira, wa kompyuta adzati pafoni zinkaoneka bwino, ndipo onse awiri adzakhala akunena zoona. N'chifukwa chake ndikuti mgwirizano uyambe wamveka ntchito isanayambe. Mayi aja alipire theka poyamba. Theka lotsalalo lituluke ataona zinthu zitatu: zigamba zisanu ndi zinayi zili pakhoma, fayilo ya chigamba chimodzi yosadulidwa yomwe asunge okha, ndi pepala limodzi lachitsanzo lochokera pa makina enieni omwe adzasindikize onse. Pepala lachitsanzolo ndi lofunika kaamba koti galasi la foni limawala, pomwe inki siwala. Mtundu wobiriwira woŵala wa pafoni umatuluka wozimirira papepala, makamaka likakhala pepala lakhaki lomwe limamwa inki. Akakulunge nalo botolo limodzi, aone ngati dzina likuoneka kutsogolo kapena labisala popinda. Likabisala, chigamba chichepetsedwe kuchoka pa masentimita 8 kufika pa 6, dzinalo lizibwera pafupipafupi, n'kusindikizanso chitsanzo china.